Momwe mungapezere chiwongola dzanja chonse pa chithunzi cha pepala la ngongole

Anthu ambiri muno mu Blantyre pepala lobwezera ngongole amangolijambula pa foni tsiku losainira, lenilenilo n'kusowa m'nyumba. Chithunzicho n'chokwanira kukuuzani chiwongola dzanja chonse chomwe mupereke, bola manambala ake akhale owerengeka.

Yambani ndi kuzindikira mizere yotsika. Pamwamba pake pamakhala mitu ya Chingerezi. Instalment ndi ndalama yomwe mumapereka pamwezi, Principal ndi gawo lomwe likudula ngongole yeniyeniyo, Interest ndiye chiwongola dzanja, ndipo Balance ndi ngongole yotsala. Mapepala ena amasinthanitsa malo a Principal ndi Interest, ndiye musamangoti mzere wachitatu ndi wa Interest osawerenga mutu wake.

Tigwiritse ntchito chitsanzo cha mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe yemwe wakongola K600,000 yobweza pa miyezi 6. Chiwongola dzanja ndi 5 peresenti pamwezi pa ngongole yotsala, ndipo mwezi uliwonse akupereka K118,210. Pachithunzi pakuoneka chonchi:

```
No  Principal  Interest  Balance
1    88,210    30,000    511,790
2    92,621    25,589    419,169
3    97,252    20,958    321,916
4   102,115    16,096    219,802
5   107,220    10,990    112,581
6   112,581     5,629          0
```

Njira yachidule ndi iyi: chulukitsani ya pamweziyo ndi miyezi yonse, kenako chotsanipo yomwe munakongola. K118,210 kuchulukitsa ndi 6 ndi K709,260. Kuchotsapo K600,000 ikutsala K109,260. Pa kakuleta ya mufoni sizitenga mphindi. Ingoyang'anani kaye mwezi womaliza, chifukwa nthawi zambiri ndalama yake imasiyanako pang'ono ndi ya miyezi inayo.

Musaimire pamenepo. Wonkhetsaninso mzere wa Interest umodzi umodzi, kuchokera pa 30,000 mpaka pa 5,629. Mupeza K109,262. Kusiyana kwa K2 kumeneko kusakusowetseni tulo, ndi matambala omwe anadulidwa polemba. Njira ziwirizi zikagwirizana chonchi ndiye kuti mwawerenga bwino chithunzicho. Zikasiyana ndi mazana kapena masauzande, pali nambala yomwe yakupusitsani.

Ineyo pomwe panandidyera nthawi ndi pamenepa. Mnansi wanga wa ku Ndirande, yemwe ngongole yake inali yofanana ndi ya chitsanzo chathuchi, ananditumizira chithunzi chake pa WhatsApp, chojambulidwa usiku, pepala lili pamwendo, chopendekera komanso chopindika pakati. Njira ziwiri zija zinasiyana ndi K6,000 yeniyeni pamwamba pa K2 ija. Ndinabwereza kuwonkhetsa, yankho lomwelo. Vuto linali pa mwezi wachitatu: mpindo wa pepala unadutsa pa ziro wa 20,958 ndipo amaoneka ngati 6, ine n'kumalemba 26,958. Kubwereza kuwonkhetsa sikuthandiza ngati diso likuwerenga molakwika nambala yomweyomweyo ulendo uliwonse.

Chomwe chimathandiza ndi kuyesa mzere wopingasa uliwonse pawokha. M'mwezi uliwonse, Principal kuphatikiza Interest ziyenera kupereka ya pamwezi ija, kapena kusiyana nayo ndi K1 yokha chifukwa cha matambala odulidwa aja. Pa mwezi wachitatu, 97,252 ndi 20,958 zikupereka 118,210, pomwe ndi 26,958 zikupitirira. Mwaugwira mzere wolakwika. Mukafuna kutsimikiza, tengani Balance ya mwezi wapitawo, 419,169, muchulukitse ndi 0.05. Ikubwera 20,958. Ndiye kuti ngakhale nambala itafufutika ndi chala kapena kuwala kwa tochi, mukhoza kuipeza kuchokera kwa anzake oyandikana nayo.

Kusiyana komweko, mukachotsapo K2 ya matambala ija, kumaloza komwe mwaphonya. Kukakhala nambala yozungulira ngati 6,000 kapena 500, mwawerenga molakwika nambala imodzi, ndipo zomwe zimasokonekera kawirikawiri pachithunzi chosaoneka bwino ndi 0 ndi 6, 3 ndi 8, komanso 1 ndi 7. Kukakhala kogawika ndi 9 osatsala kanthu, ganizirani kuti mwina mwatembenuza manambala awiri polemba: 25,589 kuilemba 25,859 kumabweretsa kusiyana kwa 270. Kukafanana ndi nambala ina ya mumzere wa Interest, mwadumpha mwezi umenewo kapena mwauwerenga kawiri. Izi zimachitika kwambiri pa ngongole ya miyezi 24 kapena 36 yomwe inajambulidwa zithunzi ziwiri, mwezi womaliza wa chithunzi choyamba n'kuonekanso pamwamba pa chachiwiri. Ndipo chithunzi chikapendekera, diso limatsetserekera mumzere wapansi osadziwa, choncho kulitsani chithunzicho n'kuphimba mizere inayo ndi kapepala.

Ngati pepala likadalipo, kulijambulanso n'kosavuta kusiyana ndi zonsezi. Liyaleni patebulo masana, foni ikhale pamwamba pake molunjika, ndipo mitu ya mizere ioneke. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa ndipo timanambala timafufutika. Anyamata ena otaipa m'tauni amakulipiritsani kuti akukopereni pa kompyuta, koma sayesa mzere ndi umodzi womwe. Ziro akaoneka ngati 6 amalemba 6, inu n'kutenga pepala laukhondo lokhala ndi bodza mkati.

Miyezi ikachuluka, lowetsani manambalawo mu Excel kapena Google Sheets, mitu pa mzere woyamba, Interest pa C. Pa chitsanzo chathu mulembe izi:

```
=SUM(C2:C7)
=COUNT(C2:C7)
```

Yachiwiriyo iyenera kupereka 6. Ikapereka 5, pali nambala ina yomwe yalowa ngati mawu, mwina chifukwa cha K kutsogolo kapena chilembo O m'malo mwa ziro, ndipo SUM imangoidumpha osadandaula. Izi zimachitika kwambiri mukakopa manambala pachithunzi ndi Google Lens. Wonkhetsaninso mzere wa Principal, uyenera kubwera pa K600,000 kapena pafupi penipeni. Pansi pakakhala mzere wa Total, musauphatikize, mungapeze yankho lowirikiza kawiri.

Onaninso maonekedwe a mzere wa Interest. Ukamatsika mwezi ndi mwezi ngati wathuwu, akuwerengera pa ngongole yotsala. Mukaona 30,000 kuyambira pamwamba mpaka pansi, akuwerengera pa K600,000 yonse mpaka kumapeto, ndipo chiwongola dzanja ndi K180,000. Onse awiri akuuzani kuti 5 peresenti, koma wachiwiriyo wakudyerani K70,000 ndi kanthu pamwamba. Obwereketsa ena a m'timaofesi ta kuseri satchula zimenezi pokhapokha mutafunsa. Za akatapila ndiye tisanene, pepala lake kulibe.

Mukafuna zomwe mwalipira kale, wonkhetsani Interest mpaka mwezi womwe mwafika. Mayi wa ku Limbe uja pakutha pa miyezi itatu wapereka K76,547, pafupifupi 70 peresenti ya chiwongola dzanja chonse, pomwe ngongole yotsala ikadali K321,916. Osachulukitsa 30,000 ndi 3, ndipo osagawa K109,262 pawiri.

Za inshulansi ndi ndalama yoyendetsera mafomu zikakhala ndi mzere wakewake, njira yachidule ija imaziphatikiza ndi chiwongola dzanja, ndiye muzichotse. Zikadulidwa poyamba, monga kusainira K600,000 koma m'manja n'kulandira K582,000, K18,000 imeneyo simuipeza mumzere wa Interest, muionjezere nokha kuti ngongoleyo yakudyerani K127,262. Chindapusa cha kuchedwa nachonso sichioneka papepala la tsiku losainira, ndipo chiwongola dzanja chikasintha pakati pa ngongole chithunzicho chatha ntchito. Pamenepo kapempheni sitetimenti ya ngongoleyo n'kuiyesa chimodzimodzi.