Kapushoni ya POV, musaidzazitse

Amene mumapanga timavidiyo ta TikTok, pa POV, kavidiyo koonetsa zinthu ngati kuti woonera akuziona ndi maso a amene ali m'nkhanimo, musamafotokoze nkhani yonse. Lembani kuti woonerayo ndi ndani, ali kuti, basi. Mwachitsanzo: "POV: ndiwe chambo pa msika wa Kamuzu Road." Kenako foni muyiike pansi mu beseni kamera itayang'ana m'mwamba, mayi wogula awerame, akutembenuze, akukanikize ndi chala, nkhope atakwinya nkumati mtengo wakwera. Anthu amaseka chifukwa kwa masekondi 6 amenewo nsomba ndi iwowo, akuyang'anidwa m'maso.

Pomwe ambiri amalakwitsa mpoti amalemba ndiwe chambo koma nkujambula chambocho chili patali, apo woonera wangokhala munthu wodutsa. Kamera ikhale maso ake. Ndipo chosekesa musachilembe m'kapushoni, chisiyireni nkhope ya mayiyo.