Kalata yothokoza mukachoka kuchionetsero cha ntchito

Anzanga a pa Mzuni, mukacheza ndi woimira kampani, lembani kalata yothokoza pa imelo tsiku lisanadutse. Munthuyo walankhula ndi khamu la anthu, ndipo “zikomo pondilandira” yekha sangamukumbutse nkhope yanu. Mukangochoka patebulo, lembani kuseri kwa khadi lake chinthu chimodzi chimene wanena iye, osati cholembedwa pa kapepala ka kampani.

Mwachitsanzo: “Mayi, zikomo chifukwa cha nthawi yanu lero. Munanena kuti khofi wa ku Misuku amavuta kuumitsa chifukwa cha chinyezi. Kafukufuku wanga anali wa kaumitsidwe ka mbewu. Ndaikamo CV yanga.”

Dzina lake likopereni pakhadipo chilembo ndi chilembo. Za malipiro musazitchule.