Munthu aliyense wotsatsa malonda anu akhale ndi kodi yake

Anzanga ogulitsa chiponde kuno ku Kasungu, mukalipira munthu wotchuka pa Facebook kuti akutsatsireni malonda, musakomedwe ndi kuchuluka kwa omutsatira. Mpatseni kodi yakeyake, monga MTEDZA1, yoti wogula akaitchula mumutsitsireko mtengo pang'ono, ndipo muzilemba m'kope aliyense woitchula.

Tiyerekeze kuti mwamulipira K60,000 ndipo anthu 40 agula ndi kodiyo. Ndiye kuti wogula mmodzi wakudyerani K1,500. Ngati phindu lanu pa botolo ndi K1,000, mutachotsa kale ndalama mwatsitsa ija, mwaluza, pokhapokha oguliwo atabweranso kudzagula. N'chifukwa chake ndimakonda kulembanso amene abwerera mwezi wotsatira.

Chenjerani ndi makasitomala akale. Kodi ikafalikira m'magulu a WhatsApp, amayi amene amagula kwa inu sabata iliyonse nawonso aitchula, ndipo wotsatsa uja aoneka ngati wagwira ntchito pomwe sanabweretse munthu watsopano. Awa alembeni padera, ndipo kodiyo muipatse tsiku lothera.

Werenganinso ndemanga. Ofunsa mtengo ndi komwe mumapezeka ndiwo ogula enieni, osati ongotamanda kavalidwe ka wotsatsayo.