Kujambula ruti lokasi ya mapolo atatu ndi ziro imodzi

"Ndili ndi G(s) = K(s+2)/[s(s+1)(s+5)]. Ndiyambire pati?"

Ruti lokasi ndi chithunzi cha njira, kapena kuti nthambi, zimene mapolo a dongosolo lotsekedwa amatsata K akamakula. Ikani × pa mapolo 0, −1, −5, ndi o pa ziro −2. Pamzere wopingasa, detsani paliponse pamene mapolo ndi maziro a kumanja kwake ali osagawika pawiri: kuchokera 0 kufika −1, komanso −5 kufika −2.

Nthambi ya −5 imathera pa ziro. Ziwiri zotsalazo zimakumana nʼkupatuka pamene dK/ds = 0. Apa mupeza (s+2)³ = 3, choncho s ≈ −0.56, osati pakati penipeni pa −0.5.

Kenako zimalowera ku ±90°, kutsata mzere woimirira wodutsa pa (0−1−5−(−2))/2 = −2. Samalani chizindikiro, ziro imachotsedwa, siwonjezedwa. Ambiri amalakwira pomwepa. Nthambizi siziwolokera kumanja kwa mzere woimirira wodutsa pa 0, ndiye dongosololi ndi lokhazikika pa K > 0 aliyense.