Momwe mungamasulire Chiarabu chopanda zizindikiro za mavawelo

Amene anaphunzira kuwerenga Qur'an ku madarasa anazolowera timizere ta pamwamba ndi pansi pa zilembo: fataha amene amamveka a, kasira amene amamveka i, ndi dhamma amene amamveka u. Mukatsegula nyuzipepala ya ku Cairo, timizereto mulibe. Mavawelo aafupi amaika yekha wowerenga.

Zikufananako ndi liwu lathu loti mtengo. Papepala silionetsa ngati ndi wa mango kapena wa chimanga pa msika, mpaka chiganizo chikuuzeni. M'Chiarabu zoterezi zili pafupifupi mzere uliwonse.

Choyamba, lembani pambali njira zonse zimene liwulo lingawerengedwere. Musakhulupirire imene yabwera msanga m'mutu. Zilembo zitatu izi كتب zingakhale kataba (analemba), kutiba (chinalembedwa) kapena kutub (mabuku).

Kenako onani liwu limene lili patsogolo pake. Ngati pali mperekezi monga في (mu), chotsatira ndi dzina, choncho ndi mabuku. Ngati pali قد chotsatira ndi mneni, mabuku achoka pamenepo.

Povuta kwenikweni ndi posiyanitsa wochita ndi wochitiridwa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mudekhe. Tengani mawu awa: قتل الجندي. Mukawerenga kuti qatala, msilikali anapha. Mukawerenga kuti qutila, msilikali anaphedwa. Zilembo ndi zomwezo, koma maliro ali m'makomo osiyana. Ndiye werengani mpaka chiganizo chithe, mukufufuza amene waphedwa. Mukapeza رجلا (munthu wamwamuna), taonani chilembo cha alifu chimene chaima kumapeto. Chimenecho chimalembedwa ngakhale timizere tasiyidwa, ndipo pano chikusonyeza kuti ameneyu ndiye pamtherankhani. Msilikali ndiye wapha. Koma ngati chotsatira ndi malo kapena nthawi chabe, monga في المعركة (pa nkhondo), popanda wina wotchulidwa, wafayo ndi msilikali. Olemba nkhani osamala amaika dhamma mmodzi pa chilembo choyamba, قُتل, kuti musasokere. Kachizindikiro kamodzi kakaoneka m'nkhani yopanda zizindikiro, dziwani kuti kaikidwa dala.

Nthawi zina chiganizo pachokha sichikwana. Liwu loti كتبت lingakhale katabtu (ndinalemba), katabta kapena katabti (unalemba, kwa mwamuna kapena mkazi), ngakhalenso katabat (mkazi uja analemba). Bwererani m'mbuyo m'ndime muone amene akuyankhula ndi amene akuuzidwa.

Mukamaliza, werengani Chichewa chanucho kuyambira pamutu. Mukasankha molakwa zimaonekera patsogolo: msilikali amene munati wafa mumupeza akufunsidwa mafunso kukhothi. Zikakanikabe, makamaka pa mayina a anthu ndi malo amene nkhani siingakuululireni katchulidwe kake, funsani mwini nkhaniyo musanapereke ntchito.