Momwe mungamwazire ndalama pa masheya: mabanki anayi ndi munda umodzi basi

Pali anthu ambiri pa magulu a WhatsApp a zamasheya amene amati iwo anamwaza kale ndalama zawo, ukawafunsa kuti munagula chani amayankha monyadira kuti National Bank, Standard Bank, FDH ndi NBS. Mayina anayi inde, koma bizinesi yake ndi imodzi. Zili ngati mlimi amene wadzala mitundu inayi ya chimanga m'munda umodzi, kukachita ng'amba mu Januwale yonse inayi imafota limodzi, amene amapulumuka ndi uja anadzalako chinangwa ndi mbatata kudimba. Dayivesifikeshoni imene mumaimva ija tanthauzo lake ndi limeneli, kuika ndalama mu zinthu zoti vuto limodzi silingazigwetse zonse tsiku limodzi.

Mabanki onsewa amadyera mbale imodzi. Chiwongola dzanja chawo chimatsatira zimene banki yaikulu ya Reserve yalengeza, malamulo ndi misonkho ya mabanki ikasintha imakhudza onse, ndipo chachikulu kwambiri onse amabwereketsa boma ndalama zambiri pogula ma tirezhale bilu ndi mabondi, phindu lawo lalikulu ndithu limachokera kumeneko. Ku Ghana mu Disembala 2022 boma litalephera kuyendetsa ngongole zake linauza amene anali ndi mabondi ake kuti awasinthe ndi atsopano a chiwongola dzanja chochepa komanso olipidwa mochedwa, ndipo mabanki ambiri akumeneko analengeza kuti aluza chaka chimenecho. Munthu amene anali ndi masheya a mabanki asanu sizinamuthandize kuti ndi asanu. Sindikunena kuti kuno zichitika mawa ayi, ndikungoonetsa mtundu wa vuto limene kuchuluka kwa mayina sikungakutetezeni.

Ndiye muyambe chonchi.

Choyamba, pemphani sitetimenti kwa buloka wanu, uja amakugulirani masheya pa msika, mutenge pepala mulembe kampani iliyonse ndi mtengo wa masheya anu lero, osati mtengo umene munagulira. Mukawerengera mtengo wogulira mudzinamiza nokha, chifukwa sheya imene yakwera kwambiri ndi imene yatenga malo aakulu panopa ngakhale munaikako zochepa poyamba.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika, yang'anani mkati mwa kampani iliyonse kuti ili ndi chani. Pa Malawi Stock Exchange makampani ena ndi eni ake a anzawo. Press Corporation ili ndi masheya opitirira theka a National Bank komanso gawo lalikulu la TNM. NICO Holdings anthu amaidziwa ngati ya inshulansi koma ili ndi pafupifupi theka la NBS Bank. NITL ntchito yake ndi kugula masheya a makampani ena, mabanki ali momwemo. FMBCH nayo ndi mabanki, kungoti iyo ili ndi nthambi ku Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, ndiye mavuto a kuno okha saigwira thupi lonse.

Tiyerekeze kuti muli ndi K1,000,000 ndipo munagawa motere: K250,000 National Bank, K200,000 Standard Bank, K150,000 FDH, K150,000 NBS, K150,000 NICO ndi K100,000 Press Corporation. Pa pepala ndi makampani 6, zooneka bwino. Koma mabanki enieni atenga kale K750,000, ndiye 75 peresenti, ndipo K250,000 yotsalayo ili m'makampani awiri amene phindu lawo lambiri likuchokeranso ku banki. Masheya a mabanki atati atsike ndi 30 peresenti, pompo K225,000 yapita, kenako NICO ndi Press nazo zitsatira pambuyo chifukwa ana awo adwala. Palibe chimene chikukugwirani dzanja apa.

Chachitatu, pa kampani iliyonse lembani pambali chimene chingaipweteke. Illovo imalima nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mdani wake ndi madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu 2023, chilala ndi mtengo wa shuga. Airtel ndi TNM zimadalira kuti anthu akugula mayunitsi ndi mabandulo, koma zipangizo za netiweki zimagulidwa ndi madola, ndiye kwacha ikagwa ngati mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zimamva kuwawa. Sunbird ndi Blantyre Hotels zimadikira alendo ndi misonkhano, nthawi ya Covid aliyense anaona mmene mahotela anakhalira pululu pamene anthu anali kugulabe mabandulo. MPICO ndi ICON ndi za nyumba zobwereketsa, nkhani yawo ndi ya lendi, kuti olowa m'maofesi akulipira kapena ayi. Mukaona kuti mawu amodzimodzi, mwachitsanzo "ngongole za boma", mwawalemba pa mizere inayi kapena isanu, dziwani kuti simunamwaze.

Chachinayi, dziikireni malire. Palibe nambala ya lamulo, ine ndimakonda kuti gawo limodzi, monga mabanki kapena mafoni, lisapitirire pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse, ndipo makampani ngati NICO ndi Press ndimawawerengera mbali ina ku mabanki. Miliyoni ija tingaigawe kuti K300,000 mabanki, K200,000 mafoni, K150,000 Illovo, K150,000 nyumba ndi mahotela, K200,000 kunja kwa msika wa masheya. Mabanki akatsika ndi 30 peresenti yomwe ija mwaluza K90,000 osati K225,000. Koma zoona zake nzakuti akakwera mabanki okhaokha inu mupindula pang'ono poyerekeza ndi mnzanu uja anaika zonse kumeneko, ndipo adzakusekani pa gulu, umenewo ndiye mtengo wake.

Pa K200,000 ya kunja kwa msika ija samalani. Ambiri amathamangira ku tirezhale bilu kapena ku mayuniti tirasti, matumba amene anthu ambiri amasonkhamo ndalama, amene amagula zomwezo, si zoipa, koma wobwereka ndi boma lomwe lija limene mabanki anu alibwereketsa. Ndiye zimakutetezani mitengo ya masheya ikatsika, koma pa vuto ngati la ku Ghana zili mbali imodzi ndi mabanki. Muganizirenso za ntchito yanu, ngati mumagwira ku banki ndiye kuti malipiro anu ali kale m'munda umenewo, ndipo penshoni yanu mwina nayonso anaigulira masheya a makampani omwewa.

Chachisanu ndi kakonzedwe kake, musagulitse zonse tsiku limodzi ndi mantha. Buloka amadula komishoni pogula komanso pogulitsa, ndipo msika wathu ndi waung'ono, masheya ena amatha masiku osapezeka wogulitsa kapena wogula, mukhoza kugulitsa za banki lero kenako nkukhala mukudikira Sunbird sabata yonse ndalama zili chikhalire. Njira yosawawa ndi yoti ndalama zatsopano zimene mukuika mwezi ndi mwezi komanso dividendi, gawo la phindu limene mabanki akupatsani, muzigulira magawo amene akuperewera, mpaka mabanki atsike kufika pa malire anu. Ngati kusiyana kuli kwakukulu ngati 75 peresenti ija, gulitsaniko pang'onopang'ono kuyambira banki imene yatenga malo aakulu.

Pepala lija musataye, muzibwereza kuwerengetsera kawiri pa chaka makampani akatulutsa zotsatira zawo, chifukwa gawo limene lakwera kwambiri limadzadutsanso malire lokha inu osagula sheya ina iliyonse.