Momwe mungakonzere thobwa la mawere kuti lisadwalitse anthu

M'misika ya Lusaka, kuyambira ku Soweto mpaka m'timisika ta ku Chawama, Mtendere ndi Kanyama, zakumwa za chimanga zimagulitsidwa m'mabotolo tsiku lililonse: munkoyo, chibwantu cha anzathu a kum'mwera, maheu, ndiponso thobwa limene ife a kum'mawa tinakulira. Masiku ano ogulitsa ena awonjezera mawu okopa, akuti zakumwazi zili ndi mabakiteriya abwino okonza m'mimba. Nkhani imeneyo tiifika, koma poyamba tione kakonzedwe ka thobwa, chifukwa ubwino kapena kuopsa kwake kumatsimikizika m'maola ochepa, kuyambira pamene phala layamba kuzizira kufikira pamene lawawasa.

Muyeso umene ndigwiritse ntchito ndi wa banja lalikulu kapena wa alendo a pa chinkhoswe: malita 10 a madzi, kilogalamu imodzi ya ufa wa chimanga, ndi magalamu pafupifupi 300 a ufa wa chimera cha mawere. Mgaiwa kapena ufa wa rola umapatsa thobwa kukoma ndi thupi kuposa ufa woyera wa bulekifasi.

Kusankha chimanga ndi mawere

Gawo ili ndi lalifupi, koma mukalakwitsa apa sizikonzeka pambuyo pake. Chimanga chimene chinachita chuku chikhoza kukhala ndi poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi, ndipo poizoni ameneyu satha ngakhale muwiritse phala kwa maola ambiri kapena kulisiya kuti liwawase. Anthu a mu Lusaka akukumbukira kuti mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti poizoniyu wapezeka mu ufa wina wa chimanga, agalu ambiri atafa. Chizolowezi chosunga chimanga chabwino kuti chikhale cha nsima n'kutenga chowola kuti chikhale cha thobwa kapena cha mowa n'choyenera kusiyidwa. Ufa wonunkha chinyontho, woumbika timibulu kapena wowawa pa lilime, usalowe mumphika.

Kukonza chimera

Petani mawere, muwatsuke, ndipo muchotse onse oyandama. Aviikeni m'madzi aukhondo kwa usiku umodzi, kenaka muwatsanule ndi kuwayala mopyapyala pa thumba loyera lonyowa, muwafunditse thumba lina, n'kuwaika pamthunzi pamene mpweya ukupita. Muziwaza madzi pang'ono m'mawa ndi madzulo. Pakatha masiku awiri kapena atatu adzakhala atatulutsa timizu toyera, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yowayanika padzuwa, pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi pamene nkhuku zimapalasa. Aume mpaka njere izithetheka mukailuma, kenaka mukagayitse.

Chimera chabwino chimanunkhira mokoma ndipo chimatsekemera pang'ono mukachitafuna. Ngati pa timizu paoneka ubweya wakuda, wobiriwira kapena wotuwa, tayani chonsecho. Ogula chimera chogayagaya pamsika sangathe kuona zimenezi, n'chifukwa chake ndi bwino kugula cha njere n'kukagayitsa nokha. Ngati mwagwiritsa ntchito mapira m'malo mwa mawere, fikisani njere zouma m'manja ndi kupeta kuti timizu ndi timphukira tichoke, chifukwa mphukira za mapira zimakhala ndi poizoni wa mtundu wofanana ndi wa m'chinangwa chowawa.

Kuphika phala ndi kuthira chimera

Wiritsani malita asanu ndi atatu a madzi, sungunulani ufa m'malita awiri otsalawo, kenaka muthire m'madzi owirawo uku mukutakasa ndi mthiko. Phala libwate kwa mphindi 20 kapena 30. Likapsa limakhala lopanda tizilombo tambiri, ndipo kuyambira pamenepa chilichonse choligwera chimachokera kwa inu: m'manja, pa mthiko, m'chidebe, m'madzi kapena m'chimera chenichenicho, chimene sichinaphikidwe.

Ntchito ya chimera ndi kuphwanya sitachi wa chimanga kuti asanduke shuga, ndipo mphamvu imeneyi imafa ngati phala latentha kwambiri. Mukathira chimera m'phala longophulidwa kumene, thobwa limakhalabe lolimba ndipo silitsekemera. Mukadikira mpaka phala lizizire ndithu, chimera chimagwira ntchito mwaulesi pamene tizilombo tikuswana. Kutentha koyenera ndi pakati pa madigiri 50 ndi 60. Amene alibe choyezera asapisemo chala monga mmene ambiri amachitira, koma atunge pang'ono ndi supuni yoyera n'kudontheza kuseri kwa dzanja: phala likhale lotentha ndithu koma losawaula khungu. Mphika wa malita 10 umachedwa kuzizira, choncho muzitakasa kuti nthunzi ituluke, osathiramo madzi osawiritsa pofuna kufulumiza.

Wazani chimera pang'onopang'ono mukutakasa. Pasanathe theka la ola mudzaona kusintha koonekeratu: phala limene linkakana mthiko limayamba kusungunuka, kutsetsereka pa chipande ngati mkaka, mtundu wake n'kufiirira, ndipo mukalawa mumamva kutsekemera popanda shuga. Ngati zimenezi sizinachitike pakatha ola limodzi, mwina phala linali lotentha kwambiri kapena chimera n'chakalekale, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera chimera chatsopano nthawi yomweyo.

Usiku wa thobwa

Apa ndiye pagona nkhani. Thobwa lotsekemera, lofunda, losawawasa, ndi chakudya chabwino cha tizilombo tonse, tabwino ndi toipa tomwe. Chimene chimaliteteza ndi mabakiteriya owawasitsa, amene amadya shuga n'kutulutsa asidi. Asidi akachuluka mpaka pH, muyeso umene umatsika chinthu chikamawawasa, utatsika kufika cha pa 4, tizilombo tambiri totsegula m'mimba, kuphatikizapo ka kolera, timalephera kuswana ndipo timayamba kufa. Choncho cholinga chanu n'chakuti kuwawasa kufike msanga.

Njira yake ndi kuthiramo theka la lita la thobwa lowawasa bwino la ulendo wapita, pamene latsopanoli lafunda ngati thupi la munthu. Mtsuko wa dothi wa agogo athu unkachita zomwezi mwakachetechete, popeza mabakiteriya owawasitsa ankatsalira m'timing'alu take. Chidebe cha pulasitiki chotsukidwa ndi sopo chilibe thandizo limeneli, ndiye muyenera kulipereka nokha. Chidebecho chikhale cha zakudya zokha, osati chimene munasungiramo penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda, ndipo muchitsukuluze ndi madzi owira. Vundikirani ndi nsalu yoyera kapena chivundikiro chosathina, ndipo mulisiye kwa maola 8 mpaka 12. M'nyengo yotentha ya Okutobala maola asanu ndi atatu amakwana, pamene m'Juni ndi Julaye kuzizira kwa Lusaka kumachedwetsa kuwawasa, ndipo chidebe chimafunika kuikidwa pamalo ofunda m'khitchini.

M'mawa, lawani ndi supuni yoyera. Thobwa loyenda bwino limakhala ndi timathovu pamwamba, fungo lowawasa pang'ono ndi kukoma kosakaniza kutsekemera ndi kuwawasa. Ngati likunanda ngati therere, likununkha ngati masanzi kapena zowola, kapena pamwamba pali chuku, litayidwe. Musaganize kuti kuwiritsa kudzalikonza, chifukwa pali kachilombo kena kokonda zakudya za ufa kamene mbewu zake zimapirira moto, ndipo kakaswana m'phala losiyidwa nthawi yaitali kamasiya poizoni wosanzitsa amene satha ndi kuwiritsa.

Kuwiritsa kachiwiri, ndi nkhani ya m'matumbo

Ngati lili bwino, patulani theka la lita loti mudzayambire ulendo wina, ndipo lotsalalo muliwiritsenso kwa mphindi 15 mukutakasa kuti lisapserere. Kuwiritsaku kumapha tizilombo timene tinabwera ndi chimera. Komanso kumapha mabakiteriya owawasitsa aja, ndipo apa ndi pamene mawu a ogulitsa amayamba kugwedezeka: thobwa lowiritsidwa kumene lilibe mabakiteriya amoyo okwanira kutchulidwa, ndipo chimodzimodzinso maheu ambiri a m'mashopu, amene amatenthetsedwa ku fakitale kuti akhalitse.

Zakumwa zosawiritsidwa kachiwiri, monga munkoyo wa pakhomo, zimakhaladi ndi mabakiteriya amoyo ambiri, ndipo akatswiri a pa Yunivesite ya Zambia, mogwirizana ndi a pa Yunivesite ya Wageningen ya ku Netherlands, akhala akufufuza mitundu yake m'munkoyo ndi m'mabisi. Koma kukhala ndi mabakiteriya amoyo si umboni woti chakumwacho chimachiritsa. Mu 2001 akatswiri a mabungwe a dziko lonse oona za chakudya ndi za umoyo, FAO ndi WHO, anafotokoza kuti tizilombo tingatchedwe tothandiza thupi ngati tili tamoyo, tikumwedwa pa mlingo wokwanira, ndipo tikubweretsadi phindu pa thanzi. M'thobwa la pakhomo mitundu ya mabakiteriya ndi kuchuluka kwake zimasiyana nyumba ndi nyumba, ngakhalenso tsiku ndi tsiku, moti palibe angalonjeze kuti kapu imodzi ichiza zilonda za m'mimba, shuga kapena kutsegula m'mimba. Ndipotu wodwala shuga ayenera kusamala nalo, popeza ntchito yonse ya chimera ndi kupanga shuga.

Phindu lodziwika la thobwa lili pena. Kumeretsa ndi kuwawasitsa kumachepetsa zinthu za m'njere zimene zimatsekereza thupi kuyamwa ayironi ndi zinki, mawere ali ndi kashiamu wambiri, ndipo phala losungunuka ndi chimera limalola mwana kapena wodwala kumwa chakudya chochuluka m'kapu yaing'ono. Zonsezi sizitha ndi kuwiritsa. Maganizo anga ndi akuti thobwa la ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba, odwala ndi la pa zochitika za anthu ambiri liziwiritsidwa kachiwiri nthawi zonse. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asapatsidwe n'komwe, ndipo wotsegula m'mimba amafunika madzi a ORS ndi chipatala.

Kusunga ndi kugawa

Thobwa lophikidwa bwino limaonongeka kawirikawiri pa mphindi yomaliza, pamene wina aona kuti lalimba n'kulisungunula ndi madzi a pachitsime kapena a m'dilamu. M'makomboni mmene zitsime zosazama zili pafupi ndi zimbudzi, madzi amenewo angabwezere kolera m'chakumwa chimene chinali chabwino, ndipo asidi samapha tizilombo nthawi yomweyo. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la masewera la Heroes kusandutsidwa chipatala mu Januwale 2024, unafalikira kwambiri m'madera otere. Madzi osungunulira akhale owiritsa kapena othiridwa klorini motsatira malangizo a pa botolo, ndipo otsukira makapu ndi mabotolo akhalenso otero. Tungani ndi chipande cha chogwirira chachitali kuti dzanja lisakhudze thobwa, ndipo kapu imene munthu wamwera isabwerere m'chidebe. Mabotolo otoledwa m'misewu si oyenera, ngakhale atsukuluzidwe.

Shuga muzithira m'kapu pomwa, chifukwa mukathira m'chidebe mumafulumizitsa kusasa. Popanda firiji, kapena magetsi akamazimazima, thobwa limwedwe pasanathe masiku awiri. Likapitirira pamenepo yisiti amayamba kusandutsa shuga kukhala mowa, botolo limafufuma, chitsekerero chimalira mukachitsegula, ndipo kukoma kumayamba kuluma pakhosi. Thobwa lotere lasanduka chakumwa cha akuluakulu, choncho lisapatsidwe kwa ana, kwa amayi oyembekezera kapena kwa amene samwa mowa.